Sindinabe, ndimatenga adivansi

Inu amene mukufalitsa zoti anandigwira ndikuba mu golosale yanga yomwe, dikirani kaye mumve kwa mwini wake. Dzanja linakanirira mu dilowa, zimenezo sindikukana. Koma kuba ayi.

Vuto linayamba pomwe mayi akunyumba anaona kuti mashelefu akuchepa katundu chonsecho makasitomala ali mbwee tsiku lililonse. Kale ndimaoda mabelo 10 a shuga, pano 6 ndikuchita kutuluka thukuta ku holoselo. Anandipatsa kope, amvekere "bambo a Junior, chilichonse mwatenga mu dilowa muzilemba, olo K500 ya kabaza." Mwezi utatha tinawerengetsa, K310,000. Ine ndinati kope ili ndi labodza. Koma zolemba zinali zanga, kanyenya, mayunitsi, chipepeso, kanyenya, kanyenyanso.

Ndiye tinakhala pansi ndi kakyuleta. Pamwezi timagulitsa za K2,400,000, koma katundu ameneyo tinamuoda pa K2,040,000, ndiye yotsala ndi K360,000 basi. Apa ndi pomwe ndimadzinamiza zaka zonsezi, ndikaona dilowa yadzaza madzulo ndimayesa ndi zanga zonse pomwe zambiri ndi za shuga wa mawa. Pa K360,000 ija chotsanipo lendi K60,000, magetsi a filiji K25,000, thiransipoti yokaoda K35,000, ndi K20,000 ya buledi woola ndi ngongole za anthu ena amene akuwerenga pano. Yatsala K220,000. Ine ndimadya K310,000. Kutanthauza kuti mwezi uliwonse ndimatafuna K90,000 ya mpamba, mabelo a shuga aja amathera pa chiwaya.

Ndinati chabwino, salale yanga ikhale K220,000 yonseyo. Madamu anakana, akuti mitengo ku holoselo imakwera usanamalize kugulitsa katundu wakale, ukatenga phindu lonse ulendo wotsatira uoda zochepa. Tinagwirizana K150,000, kulandira pa 28, K70,000 izitsala mu bizinesi. Ndipo chilichonse ndatenga pa shelefu, kaya sopo kaya Sobo, chizichotsedwa ku salale pa mtengo wogulitsira. Lamulo limeneli ndinalibweretsa ndekha, ndimafuna kuoneka bwana wophunzira. Ndinasaina mpaka. Kiyi wa dilowa anapita pa chingwe cha m'khosi mwa madamu.

Pa 28 ndinalandira mu envulopu, ndinadzilembera dzina ndekha, ndinadzithokozanso. Pa 9 inali itatha.

Musandiweruze amwene, munthu amene wazolowera kutapa tsiku ndi tsiku sadziwa kuti mwezi ndi wautali chonchi. Ndinapempha adivansi, madamu anandifunsa kuti abwana anu akuti bwanji, ndinati abwana ndine ndipo ndavomera, anati abwana omwewo anasaina kuti adivansi kulibe. Ndinafuna kutenga buledi pa ngongole, anandilozera chikwangwani chomwe ndinalemba ndekha ndi makala, NGONGOLE MAWA.

Ndiye Lachisanu lija usiku ndinatsegula golosale ndi kiyi wanga wa pachitseko, magetsi osayatsa kuopa mafunso. Dilowa ija ukaikoka ili yokhoma imasiya kampata pamwamba. Ndinalowetsa zala ziwiri, ndinakhudza ya K5,000, ndinaimva ndithu, yatsopano, yosalala ngati tsaya la khanda. Ndinalowetsa chachitatu. Kenako dzanja lonse linalowa, ndipo kutuluka linakana. Ndinakoka, ndinapotoza, ndinalinyengerera ngati mwana wokana phala. Botolo la mafuta ophikira linali pompo pa shelefu, dzanja lamanzere limafikira bwinobwino, koma ndinaima kaye nkumawerengetsa kuti ndikalitsegula achotsa ku salale pa mtengo wogulitsira. Tangoganizani, munthu wagwada mumdima, dzanja mu dilowa, udzudzu ukumudya m'makutu, akupanga masamu a mafuta. Ndinakhala choncho mwina ola lathunthu, ya K5,000 ija ndili chigwirire, chifukwa kuisiya ndiye kuvutika konseku kwapita pachabe.

Achitetezo a m'dera anaona chitseko chili pululu. Wisulo, tochi kumaso, zibonga m'mwamba, agalu a mzere wonse kuyamba kwaya. Ndinakuwa kuti ndine mwini wake! Mmodzi amvekere "mwini wake amaba mumdima?" Wina anandizindikira, "aaa ndi madala a pano awa," koma m'malo mondithandiza anakadzutsa madamu. Anabwera atamanga chitenje pachifuwa, kiyi ali lende m'khosi, anatsegula osayankhula kanthu. Kenako anatenga kope pamaso pa gulu lonse nkulemba, adivansi K5,000.

Komabe mwezi uno taoda mabelo 8, ndiye amene mukuseka muzisekera uko. Ndipo amene munajambula vidiyo muli ndi ngongole ya mazira kuyambira Febuluwale, ndikukudziwani. Dzanja likadali lotupa pang'ono. Pa 28 pakadali masiku 13.