Za mphemvu za amfumu, mumve kwa mwini wake

Popeza ena mwayamba kundiitana kuti Bambo a Mphemvu mpaka pa siteji ya Bembeke, ndipo dzulo wakabaza amene sindimudziwa n'komwe wandifunsa ngati kunyumba zachepako, ndati ndifotokoze ndekha. Imene ikuyenda kunjaku yathiridwa mchere wambiri. Sindinagwade, komanso sindinalire. Misozi imene munaiona ija inali ya chisanu.

Sewero ndinalemba ndine, zoonadi. Masamba asanu ndi anayi, nkhani ya alimi a kachewere amene chiwawu chawathera mbewu m'munda. Ndinalilemba usiku, chamumtima, nditafunda bulangete, ndipo m'mutu mwangamo mawu onse ankayenda ngati madzi a mumpopi. Ndiye aphunzitsi athu aja, mayi amene anapuma ntchito koma choko sichinawachoke m'manja, atanena kuti tsiku loyamba palibe kusewera, tingokhala pansi n'kuwerenga mokweza kuyambira pamwamba mpaka pansi, ine ndinaona ngati akundinyoza. Ndinati, "Aphunzitsi, sikiripiti iyi ndaiwerenga kasanu." Iwo anangofunsa kuti, "Ndi pakamwa kapena ndi maso?" Ndinakhala chete. Akuti maso ndi akuba, amalumpha mpanda, pomwe lilime limayenera kudutsa pachipata chilichonse.

Mmene amachitira ndi motere. Wolemba saloledwa kuwerenga, chifukwa iye amawerenga zimene zili m'mutu mwake, osati zili papepala. Amawerenga ndi ena, ataimirira, pa liwiro limene adzayankhulire tsiku lenilenilo, mawu okweza oti wakumbuyo amve. Aphunzitsi amakhala pakona ndi pensulo. Munthu akapunthwa, saimitsa gulu, amangoika kadontho pa mawuwo. Mukamaliza, mapepala amasinthana manja, mzere womwewo auwerenge wina. Pamene padontha kamodzi, akuti mwina ndi wowerengayo, akayeserere kunyumba. Koma anthu awiri osiyana akagwa malo amodzi, dzenje ndi la wolemba. Lamulo limeneli analinena akundiyang'ana, ndipo sindinalikonde.

Tinali m'kalasi ya pasukulu ina, mwezi wa Julaye, mawindo opanda magalasi. Amene mumaidziwa Dedza mukudziwa kuti nthawi imeneyo chifunga chimatsika m'phiri n'kukhala nanu mpaka masana, ndipo milomo imauma ngati chikopa cha ng'oma. Mfundo imeneyi muisunge, ndidzaifuna kutsogoloku.

Mzere umene ine ndinkauopa unali wakuti, "Chiwawu cha kachewere chachuluka chaka chino chifukwa cha chinyezi." Ndinkati apa ndiye pagwa anthu. Ayi ndithu, kamtsikana ka Fomu 2 kanangoutsetsereka osapuma, kachiwirinso chimodzimodzi. Aphunzitsi anati zimenezo si zovuta, Chichewa chimayenda choncho tsiku lililonse, chinthu chathu chachikulu chija, lilime likagwira njira imodzi limangopita. Msampha uli pa mawu ofanana pang'ono, osati ofanana ndendende. Sanachedwe kupeza umboni, patsamba lachitatu: "Chaka chatha tinatchetcha tchire la kutchalitchi." Apa pali ch ndi tch mosinthanasinthana, kwina mpweya utuluke, kwina usatuluke. Mlamu wanga anayesa katatu. Kachitatuko anatulutsa phokoso ngati akuthamangitsa nkhuku pa mphasa ya ufa. Madontho awiri, dzenje langa. Tinasintha kukhala "tinalambula kuseri kwa tchalitchi," nkhani n'kutha.

Panalinso liwu limodzi limene ndinkanyadira kwambiri, lakuti "sindikanakukhululukirani." Liwerengeni ndi zala, maphatikizo khumi ndi limodzi, ndipo pakati pakepo pali ku, khu, lu, lu, ki motsatizana. Amene ankasewera ngati mayi wolusa ankafika pa "khulu" mpweya n'kumuthera, ukali wonse n'kusanduka chifuwa. Analidula kukhala "Kukhululuka ayi." Ndinadandaula kuti akundiphera luso, koma kunena zoona mawu awiriwo ankaluma kuposa chinjoka changa chija. Kenaka tinakangana theka la ola pa mzere wina umene unali ndi mfiti, mfuti ndi mfumu m'chiganizo chimodzi. Aphunzitsi anati mawu atatuwa asayandikane ngakhale pamaliro. Ichinso muchisunge.

Tsopano tsamba lachisanu ndi chiwiri. Pamenepa m'pamene wapampando wa kalabu ya alimi amathokoza mfumu, ndipo ndinalemba mzere umene ndinkauona ngati ndakatulo:

"Kubwere mphepo, kubwere mphenzi, mphamvu za amfumu athu zalowa kale m'nyumba iliyonse m'mudzi muno."

Woyamba anafika pa "mphamvu" n'kuima ngati galimoto yaona apolisi. Wachiwiri anadutsa koma mokwawa. Pensulo ya aphunzitsi inagwira ntchito kawiri. Ine magazi anawira. Ndinati vuto si mzere, vuto ndi anthu osaphunzira kuyankhula, bweretsani kuno ndikuonetseni. Aphunzitsi anati, "Mwanawe, wolemba sawerenga." Ndinalanda pepala.

Chimene sindinadziwe n'chakuti amfumu enieni anali ataima pakhomo. Anabwera ndi nduna zawo ziwiri kudzaona ngati tidzafune mpando wawo wa ndalema uja tsiku la sewero. Onse m'kalasimo anawaona, n'chifukwa chake kunali zii. Ine ndinayesa kuti bata limenelo ndi ulemu wa kwa mlembi. Ndinakweza dzanja kuloza kudenga, chifuwa patsogolo, mawu ngati mlaliki wa pamsika wa Lizulu:

"Kubwere mphepo! Kubwere mphenzi! Mphemvu za amfumu athu zalowa kale m'nyumba iliyonse m'mudzi muno!"

Abale anga, pali bata lina limene limalemera makilogalamu. Dzanja langa linali likadali m'mwamba. Ndinkalimva liwulo likuzungulira m'kalasimo, likuyenda m'mbali mwa khoma ndi timiyendo take, likugwedeza tinyanga, likulowa pansi pa desiki iliyonse. Khutu linamva bwinobwino kuti pakamwa palakwa, koma mutu unkakanabe, unkati ayi, ife tanena mphamvu. Mlamu wanga analowetsa mutu m'juzi, mapewa okha akugwedezeka. Kamtsikana kaja kanaluma pepala. Kunja mbuzi inasiya kudya. Ndikunena zoona, ngakhale chifunga chinaima pawindo kudikira kuti zitha bwanji. Ndipo dzanja lija, sindikudziwa chifukwa chake, silinkatsika. Ndinkaganiza kuti ndikalitsitsa ndiye kuti ndavomera mlandu.

Nditatsatira maso a anthu n'kutembenuka, ndinakumana ndi chipewa chimene mudzi wonse umachidziwa. Apa munthu wanzeru akanangowomba m'manja n'kukhala pansi. Ine ndinati ndikonze. Ndinavula kapusi, n'kunena mwaulemu wonse umene mayi anga anandiphunzitsa:

"Pepani kwambiri, amfiti."

Paja ndinati musunge. Liwu limenelo tinali titalitafuna theka la ola, linali likadali lofunda pa lilime. Si kuti linachokera mumtima, ndipo amene mukufalitsa kuti ndinaulula zimene mudzi umanong'ona, Mulungu akukuonani.

Amfumu sanaseke, sanakwiyenso. Anayang'ana nduna yawo, n'kuyang'ana ine, n'kunena pang'onopang'ono kuti, "Mphemvuzo kwathu ziliko ndithu, mwana wanga. Koma sindinadziwe kuti zafika m'mudzi monse. Zinazo tikambirana." Atatero anatuluka. Nduna imodzi inafika pa mtengo wa kuseri kwa kalasi n'kuugwira ndi manja awiri, ndipo kuseka kwake kunkamveka ngati injini ya chigayo ikukana kulira.

Tsono ndidziteteze pang'ono, chifukwa aphunzitsi omwewo, atapukuta misozi, anafotokoza kuti mlandu si wa pakamwa panga pokha. Taonani mzerewo. Mphe-po, mphe-nzi, kawiri konse lilime laphunzitsidwa kuti pambuyo pa mph pamabwera e. Likafika pachitatu limangotsata njira yomwe laizolowera. Ndipo tsoka lake, mphamvu ukaisintha lembo limodzi lokhalo sipatuluka phokoso lopanda tanthauzo, pamatuluka liwu lenileni, lamoyo, la miyendo isanu ndi umodzi. Akuti malo oopsa kwambiri m'sikiripiti ndi amenewo, pamene kuphonya pang'ono kumabala liwu lina lomveka, chifukwa omvera sadziwa kuti waphonya, amangomva zimene wanena. Onjezerani milomo youma ndi chisanu cha Julaye. Aliyense akanagwa. Inde, amene anakumba dzenjelo ndine, koma mfundo ndi yakuti aliyense akanagwa.

Kukonza kwake kunali ndi njira ziwiri: kuchotsa mphepo ndi mphenzi kuti mphamvu itsale yokha, kapena kusiya ziwirizo n'kupeza liwu lina m'malo mwa mphamvu. Ine, pofuna kupulumutsa ndakatulo yanga, ndinasankha yachiwiri. Ndinati tiike nyonga. Aphunzitsi anati chabwino, koma liwu latsopano nalonso liyesedwe mokweza katatu, mwaliwiro, chifukwa chigamba chimathanso kung'amba malaya. Mlamu wanga anaimirira. Koyamba bwino. Kachiwiri bwino. Kachitatu, "nyanga za amfumu athu zalowa kale m'nyumba iliyonse." Aphunzitsi anathamangira pakhomo kukasuzumira ngati kuli munthu.

Tinathera pa "nzeru za amfumu," ndipo mphepo ndi mphenzi zinasanduka "kaya kugwe mvula, kaya kuwale dzuwa." Anthu anayi anawerenga, pensulo sinagwe. Ndakatulo yanga inafa imfa ya nkhuku, koma palibe amene akanaitanidwa kubwalo.

Za tambala amene ndinapita naye kwa amfumu, ndi zoona, koma sichinali chindapusa. Ndinangoona kuti tambalayo ankasowetsa mtendere kunyumba. Iwo analandira, n'kundifunsa ngati sewero lija lidakali ndi tizilombo.

Tsiku la sewero lenilenilo mzere uja sunamveke n'komwe, chifukwa batire ya chimkuzamawu inatha tili patsamba lachisanu, ndipo anthu theka anali atapita kale kukaonera mpira. Mpando wa ndalema anatibwereka. Amene munasiya botolo la mankhwala opopera pakhomo panga Lachiwiri usiku, ndikukudziwani, zolemba zanu pa kapepalako ndazizindikira. Mankhwalawo ndagwiritsa ntchito, poti kukhitchini zinalikodi.