Chigayo cha zaka 3 kapena cha zaka 6, mmene ndinasankhira

Ndapumula tsopano abale, mapepala a ngongole ya chigayo alowa, koma tsiku lina lathunthu linangopita padera. Ndinali ndi makina awiri oti ndisankhepo. Chaching'ono cha K10 miliyoni, chotha pa zaka 3, chosiya K7 miliyoni pachaka ukachotsa magetsi, malamba ndi malipiro a anyamata. Chachikulu cha K18 miliyoni, zaka 6, chosiya K7.5 miliyoni pachaka. Chiwongoladzanja ndinaika 25 peresenti.

NPV ndi phindu la zaka zonse ukaliwerengera mu ndalama ya lero nkuchotsa mtengo wogulira. Ya chaching'ono inatuluka K3.66 miliyoni, ya chachikulu K4.14 miliyoni, ine nkulemba kuti ndikufuna chachikulu. Ndiye ku ofesi ya ngongole kuja ndinakhala pa benchi kuyambira 8 koloko mpaka dzuwa kupendeka, envelopu ili pamwendo osadya kanthu, bambo wa mu ofesimo nkungoyang'ana tsamba limodzi nkuti "achimwene, zaka sizikufanana izi, kakonzeni". Basi! Osandiuzako ndi pafoni pomwe, thiransipoti yonse ija.

Chokwiyitsa nchakuti amanena zoona. K4.14 miliyoni ija ndi ya zaka 6, pomwe chinacho pakatha zaka 3 umagula china nkuyambiranso kudya phindu. Ndiye umayenera kusandutsa NPV iliyonse kuti ikhale ndalama yofanana ya chaka ndi chaka, ndiyo EAA amanenayo. Mu Excel ndi chonchi:

```
=PMT(25%,3,-3.664)
=PMT(25%,6,-4.136)
```

Chaching'ono chinapereka K1.88 miliyoni pachaka, chachikulu K1.40 miliyoni. Zinthu zinatembenuka pomwepo.

Musagawe NPV ndi zaka chabe, ine usiku woyamba ndinatero nkupeza 1.22 ndi 0.69, manambala olakwika chifukwa kwacha ya chaka cha 6 siyofanana ndi ya lero. Pamanja, pa 25 peresenti ija, umagawa NPV ndi 1.952 pa zaka 3 ndi 2.951 pa zaka 6. Ndaiwala, mainasi uja pa NPV musamusiye, apo ayi yankho limabwera ndi mainasi nkuyamba kuganiza kuti bizinesi ikuluza.

Koma pomwe ndinakhalitsa ndi apa. Njirayi imatenga ngati pakatha zaka 3 chigayo ndidzachigulanso pa K10 miliyoni yomweyo, zomwe kwathu kuno nzokaikitsa, mukukumbuka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya makina inachita bwanji. Ndinawerengera kugula kawiri, NPV ya chaching'ono pa zaka 6 inafika K5.54 miliyoni, ndipo ndinaona kuti mtengo ukadzapyola K12.7 miliyoni koma ndalama yogayitsira osakwera, chachikulu ndiye chikupambana. Mtengo wogayitsira nawo umakwera zinthu zikadula, komanso ngongole ya K18 miliyoni inandiopsa, ndiye ndinatenga chaching'ono, malire a K12.7 miliyoni aja nkuwalemba pa tsamba lomaliza. Ndikubwerezanso, osagawa ndi zaka chabe. Ulendo wachiwiri anandisainira pasanathe mphindi 20.