Tsiku limene nsapato yanga inasanduka mwambi

Ndili pa maphunziro oyeserera uphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale ku Ndirande, ndinapatsidwa Chichewa cha Sitandade 6. Lachiwiri lina kunabwera mayi wina wa ku koleji kudzandionerera. Mutu unali miyambi, ndipo pa chikonzekero changa, pa zizindikiro za kakhonzedwe, pomwe mphunzitsi amalemba zomwe ophunzira azitha kuchita phunziro likatha, ndinalemba monyadira kuti: "Ophunzira adziwa miyambi ndi kuimvetsa bwino."

Phunziro linayenda ngati minibasi ya m'mamawa. Ndikati "Safunsa", ana 90 onse amvekere "anadya phula!" Pomaliza ndinafunsa kuti, "Mwamva?" Denga linachita kugwedezeka ndi "Eeeee!"

Mayi aja anangokweza dzanja ali kumbuyo, n'kuloza mtsikana wina. "Iwe, mwambi umenewu ukutanthauza chiyani?"

"Safunsa anali mnyamata wadyera, Madamu."

Titatuluka anandikhazika pansi pa mtengo. "Aphunzitsi, kudziwaku munakuona ndi maso ati? Kumvetsaku mukuchonga ndi cholembera chanji?" Anandikumbutsa makwerero a kaganizidwe omwe Benjamin Bloom ndi anzake anatulutsa mu 1956, n'kukonzedwanso mu 2001: kukumbukira pansi, kenako kumvetsa, kugwiritsa ntchito, kusanthula, kuweruza, ndipo pamwamba kupanga chatsopano. Ine ndinalumpha: "Madamu, kumvetsa si kulipo pamenepo?"

Anati kulipodi, koma limenelo ndi dzina la khwerero, si mneni woti ndilembe. Kumvetsa kumachitikira m'mutu, ndipo m'mutu mwa mwana simulowa munthu. Chofunika ndi mneni wa chinthu choti mwana achite ine n'kuona kapena kumva. Ngati ndikufuna kukumbukira, atchule miyambi. Ngati ndikufuna kumvetsa, afotokoze tanthauzo m'mawu akeake. Ana anga aja anali atangofika pa khwerero loyamba, ine ndikuvina ngati afika pachiwiri.

Anati abweranso Lachisanu. Apa ndi pomwe ndinadzikumbira dzenje.

Usiku ndinayang'ana makwerero aja ndi mtima wa munthu wonyozedwa. Ndinati ngati akufuna aneni, ndiwapatsa wa pamwamba penipeni. Ndinalemba: "Ophunzira apeka miyambi yawo." Kupeka kumaoneka, kumachongeka, nanga vuto lili pati? Sindinalembe kuti apeka ingati, pa nkhani yanji, kapena kuti wopeka bwino ndimudziwa bwanji. Choipitsitsa, kaphunzitsidwe ndinasiya komwe kaja koimbitsa miyambi. Mneni anali padenga, phunziro lili pansi.

Lachisanu kunagwa mvula, ndipo nsapato yanga yakumanja, yomwe inali kale ndi maganizo opuma pantchito, inayasama kutsogolo m'matope a ku Ndirande. Ndinalowa m'kalasi ikuwomba m'manja: phwa, phwa.

Titaimba miyambi yathu, ndinalengeza kuti aliyense apeke wake. Kunali zii. Ana sanadziwe poyambira, poti palibe anawaonetsa kuti mwambi umanena china ukutanthauza china. Woyamba anati, "Kusukulu n'kwabwino." Wachiwiri anati, "Mutu uwiri umasenza denga." Ndinatuluka thukuta kunja kukuzizira.

Kenako kamnyamata ka pakona kanayang'ana pansi nthawi yaitali, n'kuimirira.

"Nsapato yoseka sifika ku Limbe."

Kalasi inagwa. Wina anakuwa, "Chala chimodzi chikasuzumira, mwezi sunathe!" Ndinayang'ana pansi: chala chinalidi panja, sokosi itachipatsa njira. Mayi aja anabisa nkhope mu faelo, mapewa akugwedezeka.

Pansi pa mtengo uja anandifunsa kuti mwa anayiwo wakhoza ndani. Ndinasowa yankho, chifukwa malinga ndi zomwe ndinalemba, onse anapeka. Ngakhale wa "kusukulu n'kwabwino" akanatha kundisumira nditamulepheretsa. Ndiye tinalemba limodzi: "Atapatsidwa miyambi isanu, ophunzira afotokoza matanthauzo a miyambi inayi kapena yonse m'mawu awoawo." Mneni ndi mmodzi, zomwe apatsidwa zatchulidwa, pokhozera paoneka. Anati phunziro lotsatira akwere khwerero limodzi, asankhe mwambi wogwirizana ndi kankhani komwe ndawawerengera. Kupeka kudikire mpaka atadziwa kusiyanitsa mwambi ndi chiganizo wamba. Anaonjezanso kuti funso la kumapeto lizikhala ndi mneni yemwe uja wa m'chizindikiro: ukalemba "afotokoza" usakafunse kuti "tchulani".

Akukwera galimoto anatembenuka. "Koma mnyamata wa nsapato uja mumupatse zonse. Yekhayo ndiye anafika pamwamba."

Nsapato ndinakasoketsa mumsika madzulo omwewo. Sizinathandize. Mpaka teremu kutha, ndikamadutsa pabwalo, kumbuyo kumamveka kamawu: "Sala, ku Limbe munafika?"