Mtima wozolowera atenololo sufuna kusiyidwa mwadzidzidzi

Sabata ino pa maphunziro athu a za mankhwala tinali pa gulu la mabeta buloka, ndipo ndikulemba izi ndili kwathu ku Dedza, kumene odwala bipi ambiri amayenda mtunda wautali kuti akatenge mapiritsi a mwezi. Mankhwala a m'gululi amene timawaona kwambiri m'mabuku a odwala ndi atenololo ndi puropuranololo. Amaperekedwa pa bipi, pa ululu wa pachifuwa wobwera chifukwa cha kuchepa kwa magazi m'minofu ya mtima, pa mtima wothamanga mosalongosoka, ngakhalenso pa chithokomiro chogwira ntchito mopyola muyeso. Puropuranololo anatulukira m'zaka za m'ma 1960 kudzera mu ntchito ya James Black, amene analandira mphotho ya Nobel mu 1988. Koma chimene chandikhala m'mutu si mbiriyo ayi. Ndi lamulo lakuti munthu amene wamwa mankhwalawa kwa nthawi yaitali asawasiye tsiku limodzi, ndiponso chifukwa chake cha lamulolo.

Tiyambe ndi mtima wosamwa mankhwala. Kumtunda kwa chipinda chakumanja cha mtima kuli kachigawo kakang'ono kamene kamayambitsa kugunda kulikonse. Kakanasiyidwa kokha, kakanagunda pafupifupi ka 100 pa mphindi, koma mtsempha wa uthenga wotchedwa vegasi umakabweza, n'chifukwa chake munthu wamkulu atakhala phee mtima wake umagunda pakati pa 60 ndi 100. Akadzidzimuka, akakwiya kapena akasenza thumba la mbatatesi, thupi limatulutsa adirenalini ndi noradirenalini. Ziwirizi sizilamula mtima mwachindunji. Zimakakhala pa tizolandirira tili pakhungu la maselo a mtima, totchedwa beta 1, ndipo zikakhalapo mtima umagunda mofulumira komanso mwamphamvu.

Beta buloka amakakhala pa tizolandirira tomweti osatidzutsa. Adirenalini akafika amapeza malo atatengedwa. Zotsatira zake, kachigawo koyambitsa kugunda kaja kamachedwa kufika pa mlingo wotulutsa kugunda kotsatira, uthenga umachedwa pang'ono podutsa kuchokera ku zipinda zam'mwamba kupita ku zam'munsi, ndipo mphamvu yofinyira magazi imachepa. Impso nazo zili ndi beta 1, choncho zimachepetsa renini, chinthu chimene zimatulutsa chokweza bipi, ndipo bipi imatsika. Wodwala amene mtima wake unkagunda 88 atakhala pansi timamupeza pa 60 kapena 64. Kusiyana kwakukulu kumaoneka akamagwira ntchito, pakuti mtima sukwera monga kale ngakhale akukwera chitunda. N'chifukwa chake ena amadandaula kuti miyendo ikulemera ndipo akutopa msanga kumunda.

Kuchedwa kumeneku ndiko kumachiritsa ululu wa pachifuwa, ndipo apa ndinaima nthawi yaitali chifukwa n'pamene pagona nkhani yonse. Minofu ya mtima, makamaka ya chipinda chachikulu chakumanzere, imalandira magazi ake ambiri pa nthawi imene mtima wamasuka, osati pamene wafinya, chifukwa ukafinya umapananso mitsempha yake yomwe. Pa 75 pa mphindi, kugunda kumodzi kumatenga masekondi 0.8, ndipo mwa amenewa pafupifupi 0.3 ndi ofinya, 0.5 ndi omasuka. Pa 120, kugunda konse kumatenga masekondi 0.5 okha, ndipo mbali imene yadulidwa kwambiri ndi yomasuka ija. Mtima wothamanga ukufuna mpweya wambiri pamene nthawi yake yolandirira magazi yafupika. Kwa mnyamata wa mitsempha yabwino palibe vuto. Kwa bambo amene mitsempha ya mtima wake inachepa m'kati chifukwa cha mafuta, apa ndi pamene chifuwa chimayamba kuthina.

Tsono thupi silingokhala chete pamene tizolandirira tatsekedwa. Pakapita milungu ndi miyezi, maselo a mtima amaona kuti uthenga wa adirenalini ukufika wochepa, ndiye amawonjezera chiwerengero cha tizolandirira ndipo timakhala tomva msanga. Zili ngati wailesi imene mabatire ake afooka: mumakweza mawu mpaka kumapeto kuti mumveko, ndipo tsiku loika mabatire atsopano osatsitsa kaye, imabangula mpaka kudzutsa nyumba yonse. Malinga ngati munthu akumwa mapiritsi, tizolandirira towonjezerato tili totsekedwa ndipo palibe chooneka. Koma mankhwala amachoka m'magazi mofulumira. Theka la atenololo limakhala litatuluka pakatha maola 6 kapena 7, ndipo la puropuranololo pakatha maola 3 mpaka 6. Pakatha tsiku limodzi kapena awiri, mankhwala atha, pamene tizolandirira towonjezera tija timafuna masiku angapo, mwina mpaka milungu iwiri, kuti tibwerere pa chiwerengero chakale. Pa masiku apakatiwo adirenalini wamasiku onse amamveka mopyola muyeso, ndipo mtima sungobwerera pamene unali munthu asanayambe mankhwala, umatha kupitirira pamenepo.

Tiyerekeze bambo wa zaka 58, mlimi wa mbatatesi wa cha ku Bembeke, amene wakhala pa atenololo wa mamiligiramu 50 kamodzi pa tsiku kwa zaka zitatu chifukwa cha bipi ndi ululu wa pachifuwa. M'buku lake la kuchipatala, ulendo uliwonse mtima ukugunda 60, 62, 64, ndipo ululu sunabwere kwa chaka. Kwagwa maliro ku Golomoti, watsika mwachangu, mapiritsi wawasiya kunyumba m'thumba la jekete. Tsiku loyamba sakumva kanthu, chifukwa mankhwala akadalimo m'thupi, ndipo izi zikumutsimikizira maganizo amene anali nawo kale akuti anachira. Usiku wachiwiri pasiwa akumva mtima ukugunda mpaka m'makutu, manja akunjenjemera, thukuta likutuluka, mutu ukuwawa. Anzake akuti ndi chisoni ndi kusagona. Tsiku lachitatu wathandiza kukumba manda, ndipo chifuwa chathina ngati kale, koma ulendo uno ululu sukutha ngakhale wakhala pansi. Pofika kuchipatala mtima ukugunda 114, bipi ili 172/100.

Amene akumuona ayenera kuganizira zonse zothamangitsa mtima, ndipo kuchigwa cha kunyanja malungo sangasiyidwe osayezedwa. Kutentha thupi, kuchepa magazi, kutha madzi m'thupi, zonse ziyang'anidwe. Koma pali funso limodzi losafuna makina: "Bambo, mapiritsi anu aja munamwa komaliza liti?" Buku likunena 62, dzanja likunena 114, ndipo yankho la funsolo likulumikiza ziwirizi. Sindikuganiza kuti n'kokwanira kufunsa kuti "mukumwa mankhwala?" chifukwa pafupifupi aliyense amavomera mwaulemu. Tsiku ndi limene lifunsidwe.

Ululu wosatha munthu atapuma si wongomupatsa piritsi n'kumubweza kumaliro. Ameneyo agonekedwe, ajambulidwe isiji yoonetsa mmene mtima ukugundira kumene makina alipo, ndipo asamalidwe ngati munthu amene mwina mtsempha wa mtima watsekeka mpaka zitatsimikizika kuti si choncho. Adokotala adzabwezeretsa beta buloka akaona kuti bipi sinagwe, m'mapapo mulibe madzi ndipo chifuwa sichikulira. Choopsa chenicheni cha kusiya mwadzidzidzi ndi chimenechi: ululu wa pachifuwa wokula, kufa kwa mbali ya minofu ya mtima, kugunda kosokonekera kwa zipinda zam'munsi, ngakhale imfa yadzidzidzi. Madokotala anayamba kuziona ndi kuzilemba m'zaka za m'ma 1970 mwa odwala amene anasiya puropuranololo. Chondidetsa nkhawa n'chakuti munthu wachikulire amene timangomudziwa kuti ndi wa bipi, makamaka ngati alinso ndi shuga kapena amasuta, akhoza kukhala ndi mitsempha yochepa m'kati popanda wodziwa, mankhwala omwewo atabisa zizindikiro. Ndiye lamuloli silisankha.

Maliro ndi njira imodzi chabe. Ena amasiya m'miyezi ya Juni ndi Julaye chifukwa manja ndi mapazi zikuzizira kwambiri, ndipo kuzizira kwa kuno kumakulitsa dandaulo limeneli. Ena amasiya posala kudya kumapemphero. Abambo ena amasiya chifukwa cha kuchepa mphamvu m'banja ndipo sanena pokhapokha atafunsidwa paokha. Palinso tsiku limene wodwala amafika pawindo la mankhwala n'kuuzidwa kuti atha. Apa pali msampha umene wophunzira angagweremo mosavuta, woganiza kuti mankhwala a bipi onse ndi amodzi. Amulodipini kapena haidirokolorothayazaidi adzatsitsa bipi ndithu, koma sakhala pa beta 1 ndipo sachedwetsa mtima. Wodwala wosinthidwa choncho tsiku limodzi wasiyitsidwa beta buloka mwadzidzidzi ngakhale wanyamula mapiritsi ena m'manja. Chofanana ndi atenololo ndi beta buloka mnzake pa mlingo woyenera, ndipo wosankha akumbukire kuti puropuranololo amatsekanso beta 2 ya m'njira za mpweya, choncho si wa munthu wa mphumu.

Kusiya kukafunikadi, kumachitika potsitsa mlingo pang'onopang'ono kwa sabata imodzi kapena ziwiri, mwina kupitirira ngati wodwala ali ndi nthenda ya mitsempha ya mtima. Kwa bambo wathu uja, adokotala angamuike pa mamiligiramu 25, ndiye kuti theka la piritsi lake, kwa sabata yathunthu, kumuonanso, kenako n'kutsitsanso asanasiye. Pa milungu imeneyi asiye kaye kukumba ndi kusenza. Aphunzitsidwenso kudziwerengera: akhale pansi mphindi 5, aike zala ziwiri padzanja mbali ya chala chachikulu, awerenge mphindi yathunthu, alembe papepala. Ngati chiwerengero chikukwera tsiku ndi tsiku mpaka kupyola 100, kapena ululu wabwerera, abwerere kuchipatala msanga, ndipo kawirikawiri amabwezeredwa pa mlingo wakale. Woiwala piritsi limodzi amwe akangokumbukira tsiku lomwelo, koma ngati nthawi ya lotsatira yayandikira angopitiriza monga mwa masiku onse, asamwe awiri pamodzi.

Ilipo nthawi imene mankhwalawa amaimitsidwa pompo, koma woimitsa ndi adokotala, wodwala ali pamaso pawo. Mtima ukatsika pansi pa 50 munthu akuchita chizungulire kapena kukomoka, bipi ikagwa kwambiri, uthenga ukamaduka pakati pa zipinda zam'mwamba ndi zam'munsi, kapena mphumu ikabuka mwamphamvu, kupitiriza kumakhala koopsa kuposa kusiya. Koma 56 mwa munthu amene akuyenda bwino, akulima, sakuona chidima m'maso, si chifukwa chosiyira. Ndi chimene piritsilo linaperekedwera. Wodwala wotere akafunsa ngati mtima wake sukuchedwa kwambiri, muyeseni ataimirira ndi atakhala, mufunseni za chizungulire ndi kupuma, mulembe chiwerengerocho m'buku, ndipo muonetsetse kuti mapiritsi amene wanyamula afika pa tsiku lake lobwereranso ndi kutsalako a masiku angapo.