Kuonetsa nyemba ku feyira ya ku Tete, ndi kusaka ogula feyira ikatha

Ndikamakonza zopita ndi nyemba za ku Angoniya ku feyira ya mumzinda wa Tete, ndimayamba ndi kufunsa okonza feyirayo kuti ndalama ya malo ikulipirira chiyani. Malo ambiri amakhala mamita 3 m'litali ndi 3 m'lifupi, koma tebulo, mipando, magetsi ndi mlonda wausiku nthawi zina amalipiritsa padera. Ndimapempha kuti zimenezi azilembe pa lisiti. Ndimafunsanso kumene dzuwa lamasana limawombera, chifukwa kutentha kwa ku Tete sikuli ngati kwa ku Ulongwe, ndipo munthu saima kukambirana mitengo padzuwa.

Katundu sindinyamula wambiri. Thumba limodzi la makilogalamu 50 ndimalitsegula pakamwa kuti wogula apisemo dzanja mpaka pansi, aone kuti mulibe miyala, anankafumbwe kapena mitundu yosakanikirana. Patebulo ndimaika timapaketi ta kilogalamu imodzi, sikelo, ndi chikwangwani cha mitengo itatu: wa kilo, wa thumba ndi wa tani, cholembedwanso kuti ndi mtengo wotengera ku Ulongwe. Tebulo limakhala cham'mbali, osati lopingasa pakhomo, kuti anthu alowe mumthunzi. Timakhala awiri, wina wogulitsa timapaketi ndi kulandira ndalama, wina wocheza ndi ogula ambiri. Mmodzi wa ife ayenera kulankhula bwino Chipwitikizi.

Phindu la feyira lili m'kope limene mubwerere nalo, choncho ndimalijambula mizere ndisanachoke kunyumba: dzina, nambala, kumene munthu amagwira ntchito, mtundu wa nyemba, kuchuluka kwake, mwezi umene akuzifuna, ndi kumene zikatsitsidwe. Funso langa ndi lakuti, "Bambo, pamwezi mumagula matumba angati, ndipo panopa mumagula kuti?" Wogula weniweni amayankha ndi chiwerengero. Wongoyendayenda amati tidzaona.

Nambala ndimaiimba pomwepo mwini wake ali chiimire. Nambala za m'manja kuno zili ndi manambala 9, zoyamba ndi 84 kapena 85 za Vodacom, 86 kapena 87 za Movitel, 82 kapena 83 za Tmcel, ndipo m'phokoso la feyira nambala imodzi mwa 9 amenewa imasowa mosavuta. Anthu ambiri ali ndi masimukadi awiri, ndiye ndimafunsa imene ili pa WhatsApp. Wochokera ku Malawi ndimamulembera +265 kutsogolo. Ndimamuuzanso munthuyo kuti ndidzamutumizira mtengo, avomere yekha.

Madzulo omwewo, nkhope ndisanaziiwale, ndimaika nyenyezi pa amene anatchula kuchuluka ndi mwezi. Amenewa ndimawalembera pasanathe masiku awiri feyira itatha. Mukadikira sabata, amakhala atagula kwa wina.

Tiyerekeze kuti mayi wogulira chakudya malo odyera antchito ku Mowatize anati amafuna tani imodzi pamwezi. Amenewo ndi matumba 20 a makilogalamu 50. Tinene kuti ku Ulongwe kilo mukugulitsa mametikali 80, ndiye tani ndi 80,000. Kuchokera ku Ulongwe kufika ku Mowatize ndi ulendo wautali, ndipo ngati wagalimoto akulipiritsa 250 pa thumba, kuphatikizapo okweza ndi otsitsa, ndi 5,000 ina. Mtengo wofikitsa pakhomo ndi 85 pa kilo. Apa ndi pamene ambiri amagwera: amatumiza mtengo wa pachikwangwani uja, mayiyo n'kumva ngati ndi wofikitsa, galimoto n'kudya phindu lonse. Uthenga wanga umatere: "Mayi, tinaonana ku feyira, munapisa dzanja m'thumba la nyemba zofiira. Matumba 20 kufikitsa ku Mowatize ndi mametikali 85,000. Mtengowu ukhala masiku 7." Ndimatumiza limodzi ndi chithunzi cha nyemba zomwezo. Masiku 7 aja ndi ofunika chifukwa mtengo wa nyemba umakwera nyengo yokolola ikamapita kutali.

Kampani ngati imene mayiyo akuigulira idzafuna NUIT yanu, imene ndi nambala ya msonkho, ndi fatura, limene ndi pepala losonyeza katundu ndi ndalama zoti alipire, ndipo kawirikawiri pepala la mtengo lolembedwa m'Chipwitikizi, choncho zikhale zokonzeka musanapite ku feyira. Funsani msanga kuti amalipira liti. Akati pakatha masiku 30, werengani ngati alimi amene akupatsani nyembazo angadikire mwezi wathunthu. Ngati sangathe, pemphani theka potsitsa katundu, kapena yambani ndi matumba 5.

Akapanda kuyankha, ndimaimba foni pakatha masiku atatu, m'mawa ntchito isanachuluke, n'kufunsa ngati mtengo unafika kwa amene amavomereza zogula, pakuti nthawi zambiri wobwera ku feyira si iye amasaina. Akandipatsa dzina la wosainayo, ndimamupititsira paketi ya kilogalamu imodzi ndi pepala la mtengo. Ndikaimba kachitatu popanda yankho, ndimalemba tsikulo m'kope, n'kudzamuyesanso nyemba zatsopano zikatuluka.