Mapu amene anatha inki

Inde anzanga, chipepala chakuda bii chimene mwakhala mukutumizirana chija ndi mapu a phiri la Mulanje, ndipo ndinapanga ndine. Sekani, koma mumve kaye masamu ake.

Abwana anati, "Achimwene, chigwa cha Phalombe chioneke bwino, tikufuna tione kolowera madzi." Deta inali ya SRTM, ya kutalika kwa malo yoyezedwa kuchokera mumlengalenga, kabokosi kalikonse mamita 30. Nditaika kontuwa, mizere yolumikiza malo otalika mofanana, pa mamita 100 aliwonse, phiri linaoneka bwino koma chigwa chinangoti mbee. Ndiye ndinati dikirani muone:

```
gdal_contour -a ELEV -i 1 mulanje.tif kontuwa.gpkg
```

Kontuwa pa mita imodzi iliyonse! Sapitwa ili pa mamita 3,002, chigwa cha m'ma 700, kutanthauza mizere yoposa 2,000 younjikana. Pa sikelo ya 1:50,000, pamene phiri latsetsereka madigiri 45, mizere yotere imatalikirana mamilimita 0.02 papepala, chonsecho mzere umodzi wokha ndi wonenepa pafupifupi 0.1. Kompyuta inalira ngati chigayo cha dizilo. Pulinta inakoka pepala, n'kuima, n'kuganiza, n'kukokanso pang'ono. Linatuluka lonyowa, lolemera, lofunika kuligwira anthu awiri. Amesenjala analinyamula n'kundifunsa mwaulemu kuti, "Bwana, ndikayanike panja?" Analiyanikadi, n'kulipsinja ndi miyala inayi.

Kuchigwa nako kunadzaza timizere tozungulira tambirimbiri, tizitunda tomwe kulibe. Apa wolakwa si ine ndekha. SRTM imasunga kutalika m'mamita athunthu, imaphonya ndi mamita angapo, ndipo imayeza pamwamba pa mitengo, moti munda wa bulugamu umasanduka chitunda. Kuipempha kontuwa ya mita imodzi n'kujambula zophonya zakezo basi.

Chothandiza n'kusiya kukakamiza mpata umodzi pamalo onse. Mapu onse apatseni mamita 20. Pa madigiri 45 paja mizere imatalikirana mamilimita 0.4, imawerengeka, ndipo mzere wachisanu uliwonse, wa mamita 100, muunenepetse n'kuulemba nambala. Koma m'chigwa chotsika mita imodzi pa mamita 200, mizere yomweyo imatalikirana makilomita 4, masentimita 8 a pepala loyera. Mmenemo onjezani mizere yodukaduka ya mamita 5, pokhapokha pamene kutsetsereka sikukupitirira madigiri awiri kapena atatu. Musanaitulutse, salazani deta potenga avereji ya timabokosi toyandikana, manambala akhale ndi madesimo, kenako fufutani tizozungulira tatifupitifupi. Kuphiri musasalaze kwambiri, nsonga zimatsika. Pa maphompho ngati a Chambe ngakhale 20 amagundana, siyanipo ya 100 yokha.

Kolowera madzi kuja abwana sanakuonebe bwinobwino, pamafunika kukayeza pamalopo ndi levulo. Za inki akuti tikambirana pakutha pa mwezi.