Tsiku lomwe ndinatembenuza 9 kuti akhale 6

Anthuni, ine zimene ndinadzichita sabata yatha ndi posita ya kasitomala wanga, mpaka pano ndikakumbuka ndimangoseka ndekha ngati wozungulira mutu.

Nkhani inayamba mwezi wathawo. Ndinapanga positayo mu pulogalamu yojambulira ya Illustrator ndi kafonti kena kokongola komwe ndinakatola penapake, nkutumiza fayilo ya .ai kwa opulinta malemba ali amoyo, kutanthauza kuti ukadinapo umatha kufufuta nkulemba zina. Chomwe ndinaiwala nchakuti fonti simakhala ngati chithunzi mufayilomo, imakhala pa kompyuta yako. Kwawoko kunalibe, ndiye pulogalamu inaikapo ina yonenepa zilembo, mizere inasuntha, mzere womaliza wokhala ndi nthawi ya msonkhano unasefukira kunja kwa bokosi nkusowa. Mwayi wake abambo opulintawo anaimba asanapulinte. "Achimwene, fonti yanuyi kuno kulibe. Muzipanga autilaini musanatumize."

Ndinamva. Vuto ndinamvetsa udyo. Ctrl+A, kenako Ctrl+Shift+O, ija ya Type > Create Outlines (a CorelDRAW kwanu ndi Ctrl+Q). Zilembo zonse zinasanduka zojambula, tizidutswa tokhala ndi timadontho m'mbali, zoti pulinta aliyense atsegula osafuna fonti. Kenako chala changa chozolowerachi chinadina Ctrl+S. Osati Save As ayi, Save weniweni, pafayilo yomweyo, imodzi yokhayo yomwe ndinali nayo. Ndinatseka nkukagona mtima uli mbee.

Ndiye sabata yathayi kasitomala akuimba, "bwana msonkhano tausintha, si pa 19 koma pa 16, kungosintha kanambala kamodzi basi." Ine, aaa zazing'ono izo, mphindi ziwiri. Kutsegula fayilo, kudina pa 19 ndi Type tool, zii. Kudinanso, ikundiyambitsira malemba atsopano pamwamba. Apa mpamene thukuta linayamba, chifukwa autilaini ilibe njira yobwerera, Ctrl+Z amakuthandiza pokhapo fayilo usanaitseke.

Mukuti bwanji osangolembanso? Eetu, koma ndi fonti iti? Ukapanga autilaini dzina la fonti nalo limasowa, ndipo ine ndinali nditachotsa mafonti ambirimbiri pa laputopu ati ikuchedwa, kameneko kanapita nawo, dzina lake mutu sukulikumbukanso. Ndinasaka 6 paposita ponse kuti ndimukope, kunalibe ngakhale mmodzi. Basi nzeru za usiku zinandibwerera, 9 ndi 6 wozondoka, si choncho? Ungroup, kusankha 9, Rotate 180, ndinadziombera m'manja ndekha m'chipinda.

Kunena zoona pa sikirini zimaoneka bhobho. Kungoti fonti imeneyi ndi ija manambala ake salingana msinkhu, 9 mchira wake umalendewera pansi pa mzere pomwe 6 amayenera kukwera m'mwamba. Wanga 6 anatsala kunsi komwe kunali 9, ngati munthu wakhala pampando wothyoka. Ine maso atulo sindinaone kanthu. Ndinaonjezeranso kamzere katsopano ka malo a msonkhano ndi fonti ina yofananako, nkukhoma leya yake kuti ndisaisunthe mwangozi, Ctrl+A, Ctrl+Shift+O, kutumiza.

M'mawa abambo aja akuimba, akuseka asanapereke ndi moni womwe. "Achimwene, 6 wanuyu waledzera kapena? Komanso fayilo ikufunsabe fonti." Ine ndinakana kwamtuwagalu, ndapanga autilaini zonse ine! Anati tatsegulani Type > Find Font muone. Kutsegula, fonti imodzi ili pamndandanda phee. Kani Ctrl+A sagwira zinthu zili pa leya yokhoma kapena yobisika, kamzere kaja kanatsala kamoyo. Autilaini ikatheka yonse mndandanda umenewo umakhala wopanda kanthu.

Anandiuzanso kuti iwo akadakonda PDF yoti mafonti alowa mkati momwemo, umaona mu Acrobat pa File > Properties > Fonts, dzina lililonse likhale ndi Embedded kapena Embedded Subset. Makamaka pa timalemba ting'onoting'ono, chifukwa tikasanduka autilaini timatha kutuluka tonenepako pang'ono. Koma Subset imanyamula zilembo zokhazo zomwe wagwiritsa ntchito, ndiye 6 wanga muja sakanapezekanso. Kusintha kumachitikira pafayilo yamalemba amoyo, imene ine ndinaipha ndi chala changa.

Ndinakhala mpaka masana kulembanso posita yonse ndi fonti ina, nkusunga mafayilo awiri, posita_yamoyo.ai yanga ndi posita_autilaini.pdf ya opulinta. Ndangotumiza chonchi, foni ngrii, kasitomala.

"Bwana pepani, akuluakulu akuti tibwerere pa 19 pomwe paja."